Mawu Anga Sanalowe mu Foni Ija

Ndinkakhala ku Kabwata nthawi imeneyo, ndikudya za kumasulira Chingerezi. Kampani ina ya inshuwalansi ku Longacres inandiitana kuti ndimasulire moni wa pafoni yawo, kenaka ndiujambule ndi mawu anga. Mawu angatu sabisika. Ndikatsokomola ku Kabwata, apongozi anga ku Chelstone, kutsidya lina la mzinda, amatumiza mandimu. Ndikulumbira.

Amene ankayang'anira ntchitoyo anali mayi wina wa ku Kabulonga, waulemu wake ndithu. Ndinapeza atayamba kale kumasulira okha: "M'mawa wabwino. Kuyimba kwanu ndi kofunika kwa ife. Khalani ndi tsiku labwino."

"Ba madamu," ndinatero, "uyu si moni, ndi lipoti la zanyengo. Munthu mukamuuza kuti m'mawa wabwino, amasuzumira panja kuti aone ngati n'zoona."

"Manje mufuna tikambe chani, ba tilansileta?"

"Zimene mumawauza amayi anu mukawapeza pakhomo. Mwauka bwanji."

"Ni mashini iyi. Muntu akayankha ati nauka bwino kaya imwe, izayankha chani? Elo izalila na mumazulo, osati m'mawa chabe."

Apa anandigwira, sindikana. Moni wathu ndi funso, ndipo kufunsa munthu kenaka osadikira yankho ndi chipongwe choposa kungomudutsa. Ndinasiya kuyang'ana Chingerezicho n'kudzifunsa zimene ndimadzifunsa ntchito ikandikanika: akulankhula ndani, kwa yani, wafika ndani, akuchoka ndani? Woyimba foni ndi mlendo. Mlendo timamuuza kuti takulandirani, dzuwa likhale pamene lili. Ukamudikiritsa umati pepani. Akamatsazika umati zikomo, basi. Tsiku sumamupatsa ayi, analipeza yekha podzuka.

Mayiwo anavomera kuti zikumveka bwino. Koma mabwana awo, omwe Chinyanja sankachimva, ankafuna kuti mawu athu akabwezedwa m'Chingerezi afanane ndi awo liwu ndi liwu.

Mayiwo anandipatsa zomasulira zawo zija. "Belengani chabe, ba tilansileta. Palibe azaziba ati ndimwe."

"Palibe? Makondakitala a pa Cairo Road amandibwezera chenji asanatembenuke, akangomva kupuma kwangaku."

Ananditengerabe m'kachipinda kojambulira. Ndinayima pa maikolofoni, n'kunena bwinobwino kuti, "Takulandirani. Pepani, dikirani pang'ono." Mayiwo anati tibwereze. Ndinabwereza zomwezo. Anati tibwerezenso, ndipo tinabwereza mpaka bambo wojambula mawu m'kachipindamo anameta ndevu, zinameranso tili momwemo. Amene akukayika akamufunse.

"Ba tilansileta, nchito izapita kuli wina."

"Ipite, mayi. Ine ndimapemphera tchalitchi chimodzi ndi anthu amene adzayimbe foni imeneyi. Sabata likubwerali andilandire pakhomo ndi m'mawa wabwino, mpingo wonse ukuseka? Pakamwa panga ayi."

Ntchito inapitadi kwa mnyamata wina wa ku Roma ya mumzinda momwemo, wa mawu osalala ngati buledi wa m'shopu. Kampaniyo sinandiitanenso. Potuluka tsiku limenelo mayi aja anandiperekeza mpaka pageti, nkhope ili gwa. Ndinati tsalani bwino. Iwo, asanaganize n'komwe, anati, "Muyende bwino, mukapeleke moni kunyumba."

"Ba madamu, bwererani msanga mukajambule zimenezo," ndinatero, n'kupita kukakwera minibasi.