Tsamba Limene Mlamu Sanatsegule

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, anagwira zaka makumi atatu m'chipinda cha zipangizo pafakitale yathu ya sopo. Ntchito yake inali kusaina. Ukamupatsa pepala, cholembera chinkafika m'munsi maso asanafike pamwamba. Titapuma ntchito, anzathu anamusankha kuti akatiyimire ku bodi ya thumba la penshoni, chifukwa amavala tayi ndipo samana munthu moni. Ine wa m'labotale ndinapeza mavoti anayi. Sindinaiwale.

Chaka chino mpando wakewo unali pachisankho. Anabwera kwathu ndi lipoti la pachaka, nalitsegula pomwe panali chithunzi chake.

"Alamu, taonani! Phindu 18 pa 100 iliyonse. Loweruka mudzandikwezere dzanja."

"Tsamba 41 mwafikapo?"

"Kumeneko n'kwa maakauntanti."

Loweruka tinadzaza kantini ya fakitale, pansi pa fani yakufa. Mlamu analalikira za 18 wakeyo mpaka thovu kukamwa, anthu n'kuwomba m'manja ngati ana opatsidwa maswiti. Ndinaimirira.

"Tsamba 41 likuti mitengo ya zinthu yakwera ndi 27 pa 100. Katundu wa 100 chaka chatha, lero ndi 127. Ife tili ndi 118, oyendetsa thumba n'kutapapo 2, kutsala 116. Ndalama zachuluka, koma zikugula zochepa. Phindulo lili pati?"

"Phindu ndi phindu, alamu," anatero akukonza tayi.

"Tsegulani tsamba 44. Pa 100 iliyonse, 60 zili m'masheya a makampani awiri okha. Imodzi ikagwa, tidzadya chithunzi chanucho? Zina 25 tinabwereketsa boma, pa chiwongola dzanja chosafika 27. Zotsalazo zili m'nyumba ya maofesi yomwe theka lake mulibe alendi. Ndalama za nkhalamba amaika chonchi?"

Mlamu ananyambita chala n'kuyamba kufunafuna tsambalo. Masamba anali akadali omatana m'mphepete, monga anachokera kosindikiza. Anawamatula ndi chikhadabo, ndipo mpaka a kumbuyo anamva kuti phwee.

Mayi wina amene ankalongedza sopo anafunsa ali chikhalire: "Achimwene, ndiye kubodiko mumakatani? Kudya mabisiketi?"

"Timakambirana, mayi."

"Mumakambirana chiyani, buku lili chitsekere?"

Kantini yonse inafa ndi phwete. Povota, mlamu anapeza manja khumi ndi limodzi, lina la mkazi wake. Mpando unapita kwa mayi wolongedza uja. Ine amene ndinawerenga lipoti lonse ndi pensulo, sananditchule n'komwe. Anthu ake ndi omwewa.

Mlamu anadula chithunzi chija n'kuchiika m'felemu pabalaza. Lipoti lotsalalo amatchingira zenera kuti lisamenyeke ndi mphepo, ndipo ndiyo ntchito yoyamba imene lagwira m'nyumba imeneyo. Mlongo wanga sandiyankha moni mpaka lero.