Mfundo Yachisanu pa Ajenda

Ba Imelda Sakala anabwera ku Lusaka ali mtsikana, kuchokera ku Katete, kutsatira mwamuna wawo amene ankayendetsa galimoto ya kampani ya ufa. Anakalambira ku Kabwata, m'kanyumba kokhala ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Bambowo atamwalira, ana anabalalika, wina ku migodi ku Solwezi, wina kukwatiwa ku Livingstone. Mayiwo anatsala ndi makina awo osokera, nasoka mayunifolomu a ana a sukulu.

Pa gulu la banki ya m'mudzi ya Tiyeseko, iwo ndiwo anali alembi, ndipo gululo linkakumana pabwalo pawo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Tsiku limenelo nyumba inkadzuka. Amayi ankasunga, kubwereka, kukangana za obweza mochedwa, kenaka kuseka mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Masiku ena onse Ba Imelda ankangomva phokoso la makina awo.

Lachitatu lina masana, apampando, Ba Nkandu, anaimba foni.

“Ba Imelda, muli shani? Tumizani chikumbutso cha pa Satade. Muikepo na nkhani yoleka kukumana. Bantu balema, ma basi yadula. Benangu banasamukila ku Chelstone, benangu ku Makeni. Ndalama tizizituma chabe pa foni.”

“Kuleka kukumana konse?” anafunsa Ba Imelda.

“Tizakambilana. Imwe lembani chabe, bantu babwele baziba.”

Ba Imelda anazimitsa makina, navala magalasi, nakhala pakhonde ndi foni. Chiyambi sichinavute, zala zinkachidziwa: “Okondedwa mamembala a Tiyeseko, mukukumbutsidwa za msonkhano wathu Loweruka likubwerali, 14:00, kunyumba kwa alembi ku Kabwata. Chonde sungani nthawi.” Analemba ajenda: 1. Pemphero. 2. Kuitana maina ndi opepesa. 3. Kuwerenga zomwe tinakambirana mwezi watha. 4. Lipoti la msungichuma, kusunga ndi ngongole.

Pa nambala 5 chala chinaima. Anaganiza zoisiya nkhaniyo kuti ikatulukire pa “zina ndi zina”, pamene anthu amakhala atayamba kale kumanga zitenje kuti athamangire basi. Mwina ikanaiwalika. Koma malamulo a gulu, amene iwo omwe anawalemba, ankati nkhani yosintha kayendetsedwe iyenera kulembedwa pa ajenda msonkhano usanachitike. Analemba kuti “Kuleka kukumana”, nafufuta. Mawuwo ankaoneka ngati chidziwitso cha maliro. Pomaliza anaika: “5. Kukambirana ngati tipitirize kukumana mwezi ndi mwezi kapena tizitumiza pa foni.” Anawonjezera 6. Zina ndi zina, 7. Pemphero lotsekera, natumiza ku gulu la WhatsApp.

Mayankho anabwera msanga kuposa masiku onse. Tizala toimika, timitima. Towela, wamng'ono pa onse, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Woodlands, analemba kuti, “Nambala 5 yeve ni yabwino maningi!” Ba Imelda anaika foni chafufumimba pa mpando.

Loweruka anthu anadzaza bwalo, ngakhale aja osowa miyezi. Itafika mfundo yachisanu, aliyense anali ndi chifukwa chomveka. Wina amatseka shopu masana onse, wina amasiya mwana wodwala ndi aneba. Ba Imelda ankalemba zonse, mutu uli pansi. Ba Nkandu anawafunsa ngati alembi ali ndi mawu.

“Ine ndilibe,” anayankha. “Ine sindikwera basi.”

Anthu anaseka, osati moipa. Manja atakwezedwa, onse anavomereza, kupatula Ba Musonda, mayi wogulitsa kapenta pa msika wa Kabwata, amene anati maso awo saona bwino tizilembo ta pa foni. Anagwirizana kuti azikumana kamodzi kokha, mu Disembala, pogawana ndalama, ndipo malo ake akhale pakati pa tauni kuti aliyense afike mosavuta. Ba Imelda analemba chigamulocho mwaukhondo, apampando nasaina.

Mwezi wotsatira chikumbutso chinali cha mizere iwiri: tsiku lomaliza kutumiza, ndi nambala ya msungichuma. Panalibe malo, panalibe ajenda. Loweruka lake Ba Imelda anadzuka m'mawa nasesa bwalo lonse, mpaka kuseri, asanakumbuke kuti kulibe msonkhano. Anasamba, navala, nakhala pang'ono. Dzuwa litapendeka anatseka chitseko napita kumsika.

Anawapeza Ba Musonda akuingitsa ntchentche pa mulu wa kapenta.

“Mwabwela kugula?”

“Ayi, ndimangodutsa.”

Ba Musonda anawayang'ana, nakoka kreti yopanda kanthu pansi pa tebulo, naipukuta ndi chitenje. Ba Imelda anakhalapo. Kasitomala akabwera, iwo ankatsegula kapulasitiki, mnzawo nathiramo.