Nkhope ya atate pa zenera la ku Tsvingwe

Ine ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati ku Gimboki, kuno ku Mutare, ndiye zoti atate anga ondibala andiphunzitse koloza kamera zinandinyansa. Koma iwo anali atanena kale, akhala pampando wawo wa pazenera, m'nyumba mwawo ku Tsvingwe, basi. Ndinawauza kuti kuwala kuli kumbuyo kwawo, nkhope ida. Anati kunjako kukuoneka phiri la mgodi limene linawadya unyamata, ndipo achemwali awo alione, adziwe kumene munthu anatchonera.

Achemwaliwo, azakhali anga, tinali titangowapeza ku Dedza kudzera mwa m'busa wina. Iwo ankakana. Ankati mlongo wawo anamulira kalekale, wina asawaseweretse pa foni. Ndiye tinaganiza zowatumizira vidiyo ya atate kuti adzionere okha.

Atate anayankhula nthawi yochepa, m'Chichewa chakale chija chimene ife obadwira ku Mutare timangochikhudza pamwamba. Nditafika kunyumba ndinapeza phiri likuoneka bwinobwino, koma atate ali bii ngati chitsa chopserera. Ndinati palibe kanthu, ndikawajambulanso Loweruka, afune asafune. Lachinayi anagwa pakhonde, mbali imodzi ya thupi inafa, mawu n'kutsekeka.

Ndinachita mantha, ndisaname. Mawu awo onse otsala anali mu kavidiyo koipako.

Nditawalitsa chithunzi chonse pa kompyuta, nkhope inatuluka koma zenera linangoti mbee, phiri osaonekanso. Ndinabweza. Kenako ndinajambula masiki, kamzere kozungulira nkhope yokha, kuti zosintha zanga zigwire m'katimo, za kunja zisakhudzidwe. Ndinakweza mithunzi pang'onopang'ono. Ndikapyola muyeso, khungu linkachita timadontho ngati mchenga. M'mphepete mwa masiki ndinafewetsa, chifukwa poyamba ankaoneka ngati ndawamata nkhope ya pepala.

Vuto linali lakuti atate sayankhula mutu uli chilili. Akagwedeza, masiki ankatsalira pazenera, m'mbali mwa khutu n'kuwala ngati mngelo wa pa kalendala. Kompyuta inayesa kuwatsatira yokha koma inkawataya akatembenukira kuphiri, ndiye ndinasuntha ndi dzanja, kachigawo ndi kachigawo, uku ndikuwakalipira mumtima chifukwa cha liuma lawolo.

Apo ndi pamene kachipsera ka pamwamba pa nsidze yakumanzere kanaonekera. Ndinakula ndikukaona, sindinafunsepo.

Vidiyoyo ndinaitumiza ku Dedza. Yankho linabwera patapita masiku atatu, uthenga wa mawu. Ndinapita nalo ku Tsvingwe n'kuika foni pa pilo. Azakhali sanayambe ndi moni.

“Chipsera icho ndinamutema ndine ndi chikwakwa, tikulimbirana nzimbe. Ndi iyeyo. Phiri lakelo ndaliona. Muuzeni andiyankhe.”

Atate anayesa, milomo inangonjenjemera. Kenako anakweza dzanja lawo lamoyo lija n'kugwira pa nsidze, ndipo ine ndinawajambula chomwecho, zenera lili kutsogolo kwawo.