Manja Anga pa Mpunga wa Wina

Kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, palibe amene anandiposapo pa nkhani yonenerera. Ndikafika pa mpunga, mlimi amayamba yekha kutsitsa mtengo ndisanatsegule pakamwa. Makondakitala a mumsewu wa M5 akandiona amayang'ana kumbali. Ngakhale telala wa malaya anga a ukwati ndinamunenerera mpaka anandionjezera thumba laulere. Ndi mtima womwewo ndinalowa mu situdiyo ya mayi wina wojambula zithunzi pa boma, chaka chimene ndinaganiza zoyamba kutsatsa mpunga wanga pa tsamba la mchezo.

Ndimagula mpunga wa Kilombero kwa alimi, kukapunthitsa, n'kumatumiza pa basi kwa anthu a ku Lilongwe. Anzanga onse anali atayamba kale kutsatsa pa foni, ine ndikadalirabe pakamwa. Ndinkafuna kakanema kakafupi: chithunzi cha mpunga, mawu ndi nambala yanga pamwamba, kanyimbo kakulira pansipansi.

Mayiyo anatchula mtengo. Ine ndinagwira chitseko ngati ndikutuluka.

"Khalani pansi, achimwene, chitsekocho chimavuta kutsegula," anatero osadzutsa mutu. "Mitengo ilipo iwiri. Wokwerawo, chithunzi chikhala cha inu nokha. Wotsikawo, chithunzi chikhala changa, inu ndikungokulolani kutsatsira. Koma dzina langa lilembedwe poonekera."

Ndinasankha wotsika, n'kuunenereranso. Dzina? Ndinaona ngati wandipatsa banyira. Kulemba dzina sikudya ndalama.

Anajambula manja anga akutapa mpunga m'lichero, mbewu zikutsetsereka pakati pa zala. Manja okhaokha, nkhope ayi, ndipo sindinafunse chifukwa chake. Mawu ndi mitundu anakonza mnzake wina wosindikiza makadi a ukwati. Nyimbo inali ya mchimwene wake woimba gitala, amene anavomera kuti igwiritsidwe ntchito bola atchulidwe. Pakona ya chithunzi mayiyo anaikapo kachizindikiro ka situdiyo yake. Ponditumizira anandiuza kuti mayina atatuwo akhale pa mizere yoyambirira, aliyense ndi ntchito yake.

Kufika kunyumba ndinayamba kunenerera ndekha, wogulitsa palibe. Mizere yoyambirira ndi imene munthu amaona asanadine kuti awerenge zambiri. Ndiipereke kwa anthu atatu osagulitsa mpunga? Ndinaikapo mtengo wa thumba. Kachizindikiro kaja ndinakadula, ati kakusokoneza maso. Pansi penipeni ndinalemba kuti, "Zikomo kwa onse amene anathandiza." Ndinaona kuti ndachita ulemu wokwanira, poti mawu akuti onse sasiya munthu kunja.

Kakanemako kanayenda. Anthu anagawana, foni inalira mpaka mkazi wanga anayamba kuiyang'ana ndi diso lina. Ena ankafunsa m'ndemanga kuti wajambula ndani, ine n'kumayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Mayi uja ananditumizira uthenga kamodzi kokha: "Achimwene, dzina lija?" Ndinayankha kuti netiweki ikuvuta.

Kenako foni inayamba kukhala chete. Tsiku lina kasitomala wanga wakale, mayi wa lesitilanti ku Lilongwe, anandiimbira.

"Bambo a mpunga, mwasintha nambala osatiuza? Ndatumiza oda pa nambala yatsopano ija ya ku Dwangwa."

Ananditumizira chimene anaona. Anali manja anga, chipsera cha chikwakwa pachala chachikulu chili pomwepo, koma pamwamba pali dzina la wogulitsa wina ndi nambala yake. Pansi analembapo kuti, "Ulemu kwa eni chithunzi." Ndinatukwana ndekha pa khonde. Eni ake ati? Alibe dzina? Ndinalekezera pakati pa chiganizo chimenecho, chifukwa mawu akewo ndi anga aja ankasiyana pang'ono kwambiri.

Ndinayesa kukadandaula kwa oyendetsa tsambalo kuti achichotse. Kumeneko funso linali lakuti kodi ndine mwini wa chithunzicho kapena womuimira. Manja anali anga, mpunga wanga, lichero la mkazi wanga. Chithunzi chinali cha amene anachijambula. Woti n'kuchichotsetsa anali mmodzi yekha.

Mayi wojambula uja ndinamupeza mu situdiyo akukonza nsalu kumutu kwa mtsikana wina wodzajambulitsa za chinkhoswe, azakhali awiri a mtsikanayo atakhala pa benchi.

"Netiweki yabwera?" anafunsa.

"Achemwali, atibera."

"Atibera ndani ndi ndani?"

Ndinamuonetsa foni. Sanaiyang'ane n'komwe.

"Ndinachiona kale. Bambo wa ku Dwangwayo ndinamuimbira. Ndinamuuza kuti kulemba za ulemu kwa eni ake si kupempha, ndipo ngakhale akanalemba dzina langa lonse ndi la agogo anga, popanda chilolezo changa kukanakhalabe kuba. Anapepesa. Anati anayesa kufufuza wojambula, anafunsanso m'ndemanga pa tsamba lanu, inu munamuyankha ndi manja opemphera."

Azakhali mmodzi anabisa pakamwa ndi chitenje.

"Ndiye achichotsa liti?"

"Tsegulani tsamba lake muone lero."

Ndinatsegula. Manja anga anali pomwepo. Zokongoletsa za wosindikiza uja anali atazichotsa, chifukwa sizinali za mayiyu kuti azipereke. Kachizindikiro ka situdiyo kanali katabwerera pakona. Mzere woyamba unali ndi dzina la wojambula, lolembedwa mwa njira yoti munthu akadina afike pa tsamba la situdiyo, ndi mawu akuti chagwiritsidwa ntchito mwa chilolezo.

"Mwamuloleza? Ndi manja anga?"

"Mtengo woti chikhale cha inu nokha munaukana mutagwira chitseko icho. Iye anapempha bwinobwino, ndamulola mpaka mvula idzayambe. Sanenerera, bambo amene uja."

Ndinayesa njira zanga zonse. Ndinatchula ana. Ndinatchula kuti tonse ndife a pano pomwe. Ndinati dzina lake ndililemba kawiri, kumwamba ndi pansi.

"Kamodzi n'kokwanira. Ndipo musalembe ngati mukundichitira chifundo. Tulutsani foni."

Ndinaimirira pakati pa situdiyo ngati mwana wa sukulu, iye akunena, ine ndikulemba. Chithunzi: dzina lake ndi la situdiyo. Kukonza mawu ndi maonekedwe: dzina la wosindikiza. Nyimbo: mutu wake, ndi dzina la woimba. Pamapeto: zonse zagwiritsidwa ntchito mwa chilolezo cha eni ake. Nditafuna kuyamba ndi mawu akuti ndikuthokoza mlongo wanga wokondedwa, anandiletsa.

"Munthu wofuna wojambula ukwati sakaimbira mlongo wanu. Lembani ntchito ndi dzina."

Mawu ndikanatha kungowasintha pa kakanema kakale, koma kachizindikiro kodulidwa kaja sikakanabwerera. Anati ndichotse konse ndiike kathunthu. Ndinadina pochotsa azakhali aja akusuzumira paphewa. Ndemanga zonse, ndi onse amene anagawana, zinapita nthawi yomweyo.

"Koma manjawo ndi abwino," anatero azakhali enawo pondilimbitsa mtima. "Tinawaona kwa bambo a ku Dwangwa."

Makasitomala ena anabwerera, mayi wa lesitilanti sanabwerere. Nyengo yonseyo manja anga anatapa mpunga wa anthu awiri, ndipo pamwamba pa masamba onse awiri panali dzina la munthu mmodzi, amene anayamba kukana maukwati ena chifukwa chochuluka ntchito. Mpaka lero, ndikafuna kudzitonthoza, ndimakumbukira kuti pa anthu onse amene analowapo mu situdiyo ija, ine ndi amene ndinalipira zochepa kwambiri. Inu m'kuona kwanu, anapambana ndani pamenepa?