Ngodya Imene Sindinaione

Achimwene anga anabwerera kusukulu ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, imvi zitayamba kale m'ndevu. Kwathu ku Liwaladzi anthu sanaisiye nkhaniyi kuti ipole. Munthu wa matchera, wopalasa bwato chiyambire unyamata wake, masana aliwonse amasamba, kuvala malaya osita, n'kukakhala pa desiki limodzi ndi ana amsinkhu wa mwana wake woyamba. Anzawo kudoko amawakuwa kuti, “Akalaliki, mutilembeko ntchito!” Iwo amangomwetulira n'kumapita.

Sukulu anaisiyira pakati bambo athu atamwalira. Anatenga nkhafi ya bambo kuti ine ndipitirize, ndipo ndinapitirizadi mpaka kukhala mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina cha ku Dwangwa. Tsopano nsomba zinali zitachepa, mapewa nawo atayamba kudandaula, ndiye amafuna satifiketi ya Fomu 4 kuti akayese mwayi wa ntchito ya kumtunda. Chimene chimawaopsa sichinali mayeso ayi. Amaopa kusekedwa ndi ana. Anandiuza okha kuti, “Tsiku limene ndidzaoneke chitsiru pamaso pa tianato, sindidzapondakonso.”

Aphunzitsi awo a masamu amakonda kugawa mapepala a mafunso oti anthu akachitire kunyumba. Achimwene akakanika, amajambula pepalalo ndi foni ya akazi awo, alamu anga, n'kunditumizira. Foniyo inali yogwira ntchito zambiri. Imagona m'chitenje, imagwidwa ndi manja a mamba, ndipo diso lake la kamera linali ndi zikande. Kunyumba netiweki kunalibe, moti kuti chithunzi chidutse amayenda mumchenga mpaka kumsewu waukulu n'kukaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi golosale.

Ine ndili ndi lamulo limene ndimadzitama nalo kwa ana anga m'kalasi. Ukalandira funso losaoneka bwino, dzifunse ngati chimene sukuchionacho chingasinthe yankho. Mawu a Chingerezi akadukira kumapeto koma tanthauzo likumveka, pitirira. Koma ngati chabisika ndi nambala, chizindikiro, muyeso kapena cholembedwa pa chojambula, usayankhe mpaka utachiona ndi maso ako. Lamuloli ndinaligwiritsa ntchito kawiri pa achimwene. Ulendo woyamba theka la pepala linatsala kunja kwa chithunzi. Wachiwiri anajambula padzuwa lowala, pepala lonse n'kungoti mbee. Ndinawauza kuti apukute kamera ndi nsalu, ayale pepala pamalo osalala pamthunzi, aonetsetse kuti m'mbali monse mwalowa, ndipo asagwedeze dzanja. Anachita zonsezo, koma potumiza anaonjezera mawu. “Ndakutopetsa, mphwanga. Manja a nkhafi sadziwa zojambula.”

Mawu amenewo anandilasa. Kwathu wamng'ono sabweza mkulu wake kuti akachitenso chinthu, ndipo ine ndinali nditabweza kawiri munthu amene anandilera. Ndinadziuza chamumtima kuti kachitatu sikadzakhalapo.

Kachitatuko kanafika Lachitatu lina m'mawa, nthawi ya buleki, ndikumwa tiyi m'chipinda cha aphunzitsi. Chithunzi chinabwera pamodzi ndi uthenga wa mawu, mphepo ya kumsewu ikumveka kumbuyo. Achimwene anati aphunzitsi anawagawa m'magulu, ndipo gulu lililonse limasankha munthu wokafotokoza funso limodzi pa bolodi. Miyezi yonseyi ana a m'gulu lawo amawadumpha, kaya chifukwa cha ulemu kaya chifukwa chowaderera. Tsiku limenelo anadzipereka okha. “Funso lachisanu ndi langa. Lero masana ndiima kutsogolo. Ndili pamango pano, ndikudikira iwe.”

Mafunso anayi oyamba amawerengeka, ngakhale mutu wa pepala unali utadukira kunja. Lachisanu linali pansi penipeni, pamene chithunzi chinachita chifunga. Panali thirayango, mbali imodzi masentimita 6, ina masentimita 8, ndipo funso limati tipeze kutalika kwa mbali yachitatu. Pa ngodya ya pakati pa mbali ziwirizo panalembedwa madigiri. Ziro wa kumapeto amaoneka, koma nambala yoyamba inali kachidontho kozungulira chabe. Ndinakulitsa chithunzi ndi zala, kachidonthoko kanangokula osasanduka nambala.

Aliyense wophunzitsa masamu akaona 6 ndi 8 pa thirayango, 10 amangobwera yekha m'mutu. Ngodya ikakhala ya madigiri 90, mbali yachitatu ndi 10, palibe chovuta. Ndinati ndi 90 basi. Komatu zondichenjeza zinalipo, ndipo ndimazidziwa bwino. Olemba mafunso ambiri ngodya ya 90 sailemba ndi manambala, amangoikapo kabokosi pakona. Mafunso anayi ena onse anali a saini ndi kosaini. Ndiponso zojambula za pa mapepala otere sizidalirika pa muyeso, maonekedwe a kona sakuuza kanthu. Yankho lonse linatsamira pa kachidontho kaja, ndiye mwa lamulo langa lomwe ndinayenera kuima.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sipamafunika n'komwe ulendo wina. Munthu anali pamango, pepala lili m'manja, netiweki ilipo. Ndikanangoti, “Achimwene, jambulani kona yokhayo chapafupi,” kapena, “Tandiwerengereni nambala ili pa ngodyayo.” Koma m'khutu mwanga munali mawu aja a manja a nkhafi. Panalinso kudzimva, sindibisa. Mphunzitsi wazaka zambiri ngati ine n'kumafunsa nambala imodzi? Belu linalira, ndinalemba njira yonse mwaudongo papepala, yankho 10, n'kujambula n'kutumiza. Sindinalembe ngakhale kamzere koti ndangoganizira kuti ngodyayo ndi 90. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Madzulo ake sindinamve kanthu. Sabata inatha popanda chithunzi, ndipo ine ndi uchitsiru wanga ndimati zinthu zayamba kuwayendera okha. Sabata yachiwiri itatha ndinakwera minibasi Loweruka kupita kumudzi.

Ndinapeza alamu akuyanika chinangwa chovuula pa thandala. Anandilonjera bwino, koma maso awo sanachoke pa chinangwacho. Nditafunsa za sukulu anayamba apukuta manja m'chitenje.

“Alamu, simunamve? Akulu anu anasiya.”

Iwo anazimva kwa mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene anali m'kalasimo. Achimwene anaima pa bolodi, analemba mzere ndi mzere monga ndinawatumizira, n'kutsekera ndi 10. Aphunzitsi anafunsa mofatsa kuti, “Bambo, 90 ameneyu mwamutenga kuti? Tawerengani pepala lanu.” Achimwene anawerenga mokweza kuti 60. Mnyamata wina kumbuyo anati madala aiwala mandala kunyanja, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Aphunzitsi anawaletsa, anakonza funsolo ndi lamulo la kosaini, yankho n'kutuluka 7.2. Achimwene anakhala mpaka sukulu itaweruka, koma m'mawa mwake malaya aja sanasitidwe.

“Sananene kuti yankho linachokera kwa ine?” ndinafunsa.

Alamu anandiyang'ana koyamba. “Akanatero? Ana onse aja amadziwa kuti mng'ono wawo ndi mphunzitsi wa masamu. Anali atawauza kale monyadira.”

Achimwene ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pamchenga, ukonde uli pamiyendo, akusoka pamene panang'ambika. Ndinakhala pansi pambali pawo. Tinayamba za mwera, za mpunga wa chaka chino, za mwendo wa azakhali. Kenako ndinalephera kupirira.

“Achimwene, funso lija ndinalakwitsa ndine. Nambala ija sindinaione. Ndinangoganiza.”

Sanasiye kusoka. “Sunaione?”

“Panali chifunga. Ndinachita manyazi kukubwezaninso.”

“Manyazi,” anatero, ngati akulawa mawuwo. “Ine ndimapita kumsewu tsiku lililonse ndi nsomba pamutu. Ukanandibweza kakhumi ndikanabwerera kakhumi. Ndipo tsiku lija sindinali patali, ndinali pamango.”

Ndinati ndipita ndekha kwa aphunzitsi awo kukafotokoza, ngakhale pamaso pa kalasi yonse. Anapukusa mutu. Anati ana akamva kuti madala amachita kulemberedwa ndi mng'ono wawo, kuseka kwake kudzaposa koyamba kuja. Ndinati ndizibwera Loweruka lililonse kudzawaphunzitsa pakhonde, mayeso alembe ngati wapadera. Anati tiona, ndipo kwathu munthu akati tiona ndiye kuti wakana mwaulemu. Ndinabweradi Loweruka zingapo ndi mabuku m'chikwama, koma nthawi zonse pamapezeka ukonde wong'ambika kapena bwato lofuna phula.

Zapita zaka zingapo. Achimwene akadali panyanja, mapewa akuwawabe. Ana asukulu ambiri amanditumizira zithunzi masiku ano, ndipo ena amandinena kuti ndine wovuta, chifukwa nambala imodzi ikakhala yokayikitsa ndimayankha mafunso ooneka okha, linalo n'kunena poyera kuti jambulanso kona iyi. Andinene, zilibe kanthu. Koma sindinganame kuti zimenezi zimandipeputsa mtima, poti amene ndinayenera kumufunsa sindinamufunse.

Tsiku lija la ukonde, nditaimirira kuti ndizipita, ndinawafunsa chinthu chimodzi chimene chimandizunguza. Pepala linali m'manja mwawo, losindikizidwa bwino. Kodi 60 ujayo sanamuone asanapite ku bolodi?

Anadula ulusi ndi mano, n'kulavula kachidutswa.

“Ndinamuona, mphwanga. Ndinamuyang'ana kuchokera pamango mpaka kunyumba, ndipo mumtima ndimati apa pakufunika kosaini. Koma ndinati iwe ndiwe unaphunzira, wolakwa ndine.”