Basi ya ku 25

Bambo atadwalika, mayi anandituma ku Lilongwe kukaitana achimwene. Achimwenewo ndi bambo anayambana kale pa nkhani ya munda, ndiye tsopano bambo ankafuna kulankhula nawo. Mayi anati, "Amakhala ku Eliya 25, pafupi ndi tchalitchi. Mubwere lero lomwe."

Ine Lilongwe ndinkangoimva. Ndinatsika phiri mbandakucha, mame ali m'miyendo, n'kukwera basi pa Linthipe.

Kudepoti, mayo ine! Anyamata a malaya ofiira anayamba aona kadi langa la chipani, kenaka ndinalowa m'chipwirikiti. Basi iliyonse inali ndi chikwangwani pamphumi: Kawale, Likuni, Chinsapo. Ya ku 25 inali itangonyamuka. Timaminibasi tinalipo towerengeka, anthu ankachita kulimbirana. Kufunsa ndinkaopa, poti mayi anandichenjeza kuti wofunsafunsa m'tauni amadziitanira akuba.

Nditaona basi yolembedwa 23, mtima unakhala pansi. Kusukulu tinaphunzira kuti 23, 24, 25. Ndinati ndikatsikira kumapeto, kotsalako n'kuyenda wapansi. Mtsikana wokwera mapiri ndi dengu la mbatata pamutu angaope zimenezo?

Kumapetoko ndinafunsa amayi ena ogulitsa tomato njira ya ku 25. Anagwira pakamwa.

"Mwanawe, 25 ili kumpoto, cha ku Kanengo! Kuno n'kummwera. Manambalawa ankangopereka malo akamamangidwa, satsatana ayi."

"Nanga basi yochoka kuno kupita kumeneko?"

"Kulibe. Zonse zimabwerera kudepoti. Mukayambirenso komweko."

Ndinapsa mtima, misozi ili lengelenge. Mzinda wanji wosadziwa kuwerenga? Ndinaima pasiteji mpaka dzuwa linapendeka, ndikungoponda uku ndi uku. Nditabwerera kudepoti ndinapeza mzere wa anthu oweruka kuntchito. Manyazi anathera pomwepo. Ndinafunsa kondakitala kawiri, ndinafunsanso agogo amene ndinapanikizana nawo pampando. Iwo anandilangiza kuti tikadutsa mafakitale a fodya n'kukhota, ndiyambe kutchera khutu kondakitala akamatchula masiteji.

Ku 25 matchalitchi analipo ambirimbiri. Achimwene ndinawapeza dzuwa litalowa, akutsuka mapazi pakhonde. Atamva uthenga anangovala nsapato, mapazi osapukuta. Koma basi ya ku Dedza yomaliza inali itapita kale, iwonso ankadziwa. Anakhalanso pansi.

Tinafika kumudzi mawa lake masana. Kulira kwa maliro sitinakumve, ndipo ndinathokoza Mulungu. Bambo anali pamphasa, maso ali kudenga, akupuma. Achimwene anagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndabwera."



Mayi anayankha ali chozolika. "Dzulo lonse ankafunsa ngati basi yadutsa. Mawu anawathera madzulo."

Achimwene anakhala pomwepo atagwira dzanja lawo mpaka bambo anatisiya. Zimene bambo ankafuna kunena sitinazimve.