Anasikelo ndi chikuku cha makilo 15

Anasikelo anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi m'sitolo ya katundu wa ana ya alamu awo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a m'masitolo oyandikana, chifukwa pansi pa kauntala ankasungapo sikelo, ndipo aliyense wofuna chikuku cha mwana ankayamba wakwezapo mwanayo. Ana awo anali atakula kale. Zikuku ankazidziwa ngati mmene telala amadziwira nsalu.

Ntchito yawo ina inali yolemba timapepala tomangirira pa zogwirira za zikuku. Kale amene ankalemba anali alamuwo, ndipo mawu awo anali amodzimodzi pa chikuku chilichonse: "Cholimba zedi. Sichigwa. Mwana aliyense." Anasikelo ankayamba awerenga kabuku kobwera ndi chikukucho, n'kuchitembenuza kuti aone chizindikiro chomatidwa pachitsulo. Pa chikuku chopepuka chobiriwira chimene chinali pawindo analemba kuti:

"Cha mwana woyambira miyezi 6, amene amakhala yekha tsonga, mpaka makilo 15 (nthawi zambiri zaka zitatu, koma yang'anani sikelo). Mpando sugona chagada, choncho si cha khanda. Malamba ndi asanu: awiri m'mapewa, awiri m'chiuno, limodzi pakati pa miyendo. Amangeni ulendo uliwonse. Buleki ili kumateyala akumbuyo, ipondeni mukaima. Dengu lapansi, makilo awiri basi. Mukapachika chikwama pa chogwirira, chikukuchi chikhoza kugwa chagada. Musasiye mwana yekha."

"Mlamu, mukugulitsa chikuku kapena mukuopseza anthu?" alamuwo anafunsa atawerenga.

"Ndalemba zimene analemba ochipanga," anayankha Anasikelo. Alamuwo anapukusa mutu, koma kapepalako sanakachotse.

Lachiwiri lina m'mawa munalowa mayi woluka tsitsi, atabereka mwana wamwamuna wa zaka zisanu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi ake. Mwanayo sankayenda chibadwire. Mayiyo ananena kuti msana wamukana, ndipo kawiri pa sabata amayenera kupita naye kuchipatala kukachita mafizo. Analoza chobiriwira chija.

Sikelo inaonetsa makilo 19.

"Chimenechi malire ake ndi 15, mayi."

"Makilo anayi okha? Chitsulo chonsechi?"

"Mwina chikhoza kupirira mwezi, mwina chaka. Ine sindikudziwa, ndipo ochipanga sanalonjeze zimenezo. Chimene ndaonapo n'chakuti zikalemedwa zimathyokera popindira apa, mwana ali momwemo."

Alamu aja anachoka pakhomo n'kubwera pafupi. "Manambala amenewa azifakitale amangolemba podziteteza. Tengani, amayi, n'cholimba."

Mayiyo sanawayang'ane n'komwe. Maso ake anali pa Anasikelo. "Inu mungonena kuti chitheka. Ndikangomva pakamwa panu nditenga."

"Sindinganene."

Mayiyo anawerama, anamubereka mwana uja, namanga nsalu mwamphamvu. "Msana si wanu," anatero potuluka. Komabe nambala ya foni anasiya, atapemphedwa kawiri. Tsiku lonselo alamuwo ankalankhula ndi Anasikelo kudzera mwa makasitomala.

Patapita masabata atatu, m'katundu watsopano munapezeka chikuku cha mateyala akuluakulu, cholembedwa makilo 22. Anasikelo anachitambasula mpaka loko analira kuti "kha", anayesa buleki pa kamtsetse ka pakhomo ataikamo zigubu za madzi, anakoka malamba limodzilimodzi, kenaka anaimba foni.

Mayiyo anabwera akumwetulira, koma Anasikelo anamuuza zonse asanachigwire n'komwe. Kwatsala makilo atatu okha, ndipo mwana akukula. Mutu wake watsala pang'ono kufika pamwamba pa mpando. Komanso chikuku chimenechi sichinapangidwe kuti chizichirikiza msana wa mwana wolumala ngati mpando wa kuchipatala.

"Jambulani kapepalaka ndi chikukucho, mukaonetse a mafizo. Akakana, musagule."

"Inuyo munakwatiwa bwanji ndi pakamwa potere?" mayiyo anafunsa, uku akujambula.

"Bambo a kwathu ndinawauziratu zonse. Anabwerabe."

A mafizo analola, koma pa maulendo afupiafupi okha, ndipo anamulembetsa mwanayo pamndandanda wa odikira mpando woyenera. Mayiyo anagula. Mwezi uliwonse ankadutsira pasitolopo kudzakweza mwana pasikelo, ndipo Anasikelo ankasuntha malamba a m'mapewa kuti agwirizane ndi msinkhu. Pa mwezi wa khumi sikelo inafika pa 22, ndipo Anasikelo anamuuza kuti asamukwezenso mwanayo m'chikukucho. Mpando wa kuchipatala unali usanabwere, ndipo kwa masabata asanu ndi awiri mayiyo anabwerera kubereka. Masiku amenewo ankadutsa tsidya lina la msewu, osapereka moni.

Anasikelo anasiya ntchito chaka chotsatira, maso atayamba kuvuta pa zilembo zing'onozing'ono. Panopa amakhala kwa mwana wawo wamkazi, m'nyumba ya pamwamba yopanda chikepe, ndipo amatsika kamodzi patsiku kukatenga mdzukulu kusukulu ya mkaka.